Vidiyo yomwe mwangoonera siikuoneka pa mbiri ya YouTube: momwe mungapezere chomwe chavuta

Mbiri ya mavidiyo omwe mwaonera pa YouTube siisungidwa m'foni yanu ayi, koma imasungidwa pa akaunti yanu ya Google, ku makompyuta a kampaniyo. Kuti vidiyo ilembedwe pa mndandanda wa History, pamafunika zinthu zitatu pa nthawi imene mukuionerayo: mukhale mutalowa mu akaunti, akauntiyo ikhale yololedwa kusunga mbiri, ndiponso uthenga wonena kuti mwaonera ufike ku YouTube kudzera pa intaneti. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, vidiyo imasewera bwinobwino mpaka kumapeto, koma siilembedwa. Malangizo ali m'munsiwa ndi okuthandizani kudziwa chomwe chasowa mwa zitatuzo, ndipo ndatsatira mawu a Chingerezi omwe amaoneka pa sikirini monga momwe alili, popeza mafoni ambiri kuno ku Mangochi amaonetsa mawu amenewo.

Yambani ndi kuyang'ana mndandanda wonse

Musanasinthe chilichonse, tsegulani YouTube, dinani You pansi kudzanja lamanja, kenako mutsegule History yonse. Pa kompyuta kapena pa bulawuza ya m'foni, lembani adiresi iyi:

```
youtube.com/feed/history
```

Funso loyamba lofunika kuliyankha ndi lakuti, kodi yasowa ndi vidiyo imodzi yokha, kapena mndandanda wonse unaima pa tsiku lina? Yankho lake limakuuzani koti mufufuze. Ngati mavidiyo ena omwe mwaonera lero akuoneka, ndipo yasowa ndi imodzi kapena ziwiri, ndiye kuti akaunti yanu ikusunga mbiri bwino, ndipo vuto lili pa njira yomwe munatsegulira vidiyoyo. Koma ngati vidiyo ya pamwamba penipeni ndi ya sabata yatha pomwe inu mwakhala mukuonera tsiku ndi tsiku, kawirikawiri ndiye kuti mbiri inaimitsidwa, kapena mukuyang'ana mu akaunti ina. Anthu ambiri amadumpha sitepe imeneyi n'kuthamangira kuchotsa pulogalamu ya YouTube kuti aiikenso, zomwe zimangotha bandulo pachabe, chifukwa chosankha choimitsa mbiri sichikhala mu pulogalamumo.

Onaninso kuti mavidiyo afupiafupi a Shorts nthawi zambiri amaikidwa pa mzere wawokha, choncho ngati yomwe mukuifuna inali yaifupi, yang'anani pamenepo musanaganize kuti yasowa.

Tsimikizani akaunti imene ikuonera

Mafoni ambiri omwe timagula ogwiritsidwapo kale ntchito, kapena omwe anatitsegulira ogulitsa pa msika, amakhala ndi maakaunti a Google awiri kapena kuposerapo. Ina anaipanga wogulitsa kuti Play Store igwire ntchito, ina munaipanga nokha pambuyo pake, mwinanso mwana wanu anaikamo yake. Akaunti iliyonse ili ndi mbiri yakeyake. Pa tsamba la You, dinani Switch account kapena dzina lomwe lili pamwamba, muone imelo yomwe ili ndi chizindikiro chosonyeza kuti ndiyo ikugwira ntchito. Lowani mu maakaunti enawo imodziimodzi n'kuyang'ana History ya iliyonse. Amene ali ndi tchanelo cha bizinesi, cha kwaya kapena cha madrasa chomwe chinatsegulidwa padera pansi pa imelo yomweyo adziwe kuti tchanelo chotere chimakhalanso ndi mbiri yake, yosiyana ndi ya dzina lawo.

Mukadali pomwepo, yang'anani ngati Incognito ili yoyatsa. Ikakhala yoyatsa, pamalo pa chithunzi chanu pamaoneka chipewa ndi magalasi, ndipo pansi pa sikirini pamakhala kamzere kakuda kolembedwa You're incognito. Nthawi yonse imeneyo YouTube imakutengani ngati munthu yemwe sanalowe mu akaunti, ndipo chilichonse chomwe mwaonera kapena kufufuza sichilembedwa. Chomwe chimasokoneza anthu n'chakuti Incognito imazima yokha mukakhala mphindi 90 osagwiritsa ntchito pulogalamuyo. Munthu akhoza kuonera vidiyo m'mawa Incognito ili yoyatsa, pofika masana n'kupeza zonse zili m'malo mwake, chithunzi chake chabwerera, koma vidiyo ya m'mawa ija palibe, ndipo palibenso chizindikiro chomuuza chomwe chinachitika.

Momwe kuimitsa mbiri kumagwirira ntchito

Apa ndi pofunika kufatsa, chifukwa batani la Pause watch history limachita zinthu zosiyana ndi zomwe ambiri amaganiza. Liganizireni ngati mphunzitsi yemwe watseka kaundula wa maina: masamba omwe analemba kale alipobe, koma masiku onse omwe bukulo lili lotseka palibe dzina lomwe likulowamo, ndipo akadzalitsegula adzayambira pa tsiku limenelo osabwerera kukadzaza masiku odumphidwa aja.

Choyamba, kuimitsa sikufufuta kanthu. Mavidiyo onse omwe munaonera musanaimitse amakhalabe pa mndandanda, ndipo aliyense wogwira foni yanu akhoza kuwaona. Kufufuta kuli ndi batani lake, Clear all watch history, ndipo zomwe mwafufuta sizibwereranso.

Chachiwiri, kuimitsa kumakhudza akaunti yonse, osati foni yomwe mwadinirapo yokha. Mukaimitsa pa foni, mbiri imaimanso pa laputopu, pa wailesi ya kanema ya pabalaza, ndi pa foni ina iliyonse yomwe ili ndi akaunti yomweyo. Pa mfundo imeneyi ndi pomwe pamasiyana kwambiri ndi Incognito, yomwe imakhudza chipangizo chimodzi chokha. M'mabanja momwe anthu angapo amagwiritsa ntchito imelo imodzi, munthu mmodzi akaimitsa, onse amakhudzidwa osadziwa.

Chachitatu, kuimitsa kulibe nthawi yothera. Sikuzima kokha pakapita ola, tsiku kapena mwezi. Kumakhala choncho mpaka wina adzayatsenso ndi dzanja lake. Ndipo mukadzayatsa, mavidiyo omwe munaonera pa nthawi yoimitsayo sadzaoneka, chifukwa sanabisidwe ayi, koma sanalembedwe n'komwe. Palibe katswiri wa mafoni yemwe angakubwezereni mndandanda umenewo, ndipo wina akakuuzani kuti mumulipire kuti atero, musamupatse ndalama kapena pasiwedi yanu.

Pali zizindikiro zina zomwe zimaonetsa kuti mbiri yaimitsidwa ngakhale musanatsegule zosankha. Kamzere kofiira ka pansi pa chithunzi cha vidiyo, kosonyeza pomwe munalekezera, sikaonekanso pa mavidiyo atsopano, ndipo vidiyo yaitali mukaisiya pakati n'kudzaitsegula mawa lake imayambiranso poyamba. Zomwe YouTube imakusankhirani pa tsamba loyamba zimasiya kutsatira zomwe mwaonera posachedwa. Kuyambira mu Ogasiti 2023, munthu yemwe waimitsa mbiri ndipo alibe mbiri yakale yokwanira amapeza tsamba la Home lopanda mavidiyo, pali malo ofufuzira okha ndi uthenga wakuti Your watch history is off. Ambiri akaona tsamba loyera chotere amaganiza kuti bandulo yatha kapena netiweki yathawa, pomwe intaneti ili bwinobwino.

Ndi bwinonso kudziwa zomwe kuimitsa sikukhudza. Mavidiyo omwe mwawakonda ndi Like, ndemanga zomwe mwalemba, matchanelo omwe mumatsatira ndi zomwe mwasunga pa Watch later zonse zimasungidwabe. Kuimitsa sikuchepetsa bandulo yomwe vidiyo imadya, komanso sikufufuta mndandanda wa masamba omwe bulawuza yanu imasunga payokha.

Kuyatsanso mbiri, sitepe ndi sitepe

Njira yaifupi ndi ya mu pulogalamu momwemo. Tsegulani History, dinani timadontho titatu ta pamwamba kudzanja lamanja, muwerenge zomwe zalembedwa. Mukaona Pause watch history, ndiye kuti mbiri ikusungidwa pakadali pano, ndipo musadine. Mukaona mawu okupemphani kuyatsa, monga Turn on watch history, ndiye kuti inaimitsidwa. Ndikutsindika izi chifukwa batanilo limatchula chomwe lichite mukalidina, osati momwe zinthu zilili, ndipo ena amaimitsa mbiri yomwe inali bwino poganiza kuti akuikonza.

Malo a mabataniwa amasinthasintha YouTube ikasintha maonekedwe a pulogalamu, choncho njira yodalirika kwambiri ndi ya tsamba la Google lomwe limalamulira zonsezi. Mukhoza kulifika kudzera pa You, kenako Settings, kenako Manage all history, kapena polemba adiresi iyi pa bulawuza:

```
myactivity.google.com/activitycontrols
```

Yambani mwayang'ana kachithunzi ka pakona ya pamwamba kuti mutsimikize kuti bulawuza ili mu akaunti yomweyo yomwe mumaonera YouTube. Tsikani mpaka pa gawo lolembedwa YouTube History. Ngati lazimitsidwa, dinani Turn on, muwerenge uthenga womwe ubwere, n'kuvomereza. Musaime pamenepo, chifukwa pansi pa batani lalikululo pali timabokosi ta zosankha zing'onozing'ono, ndipo tiwiri mwa ito ndi tofunika kwambiri pa nkhani ino: Include the YouTube videos you watch ndi Include your searches on YouTube. N'zotheka batani lalikulu kukhala loyatsa koma kabokosi ka mavidiyo kali kosachonga, ndipo zikatero Google imasunga mawu omwe mwafufuza koma osasunga zomwe mwaonera. Chongani kabokosi ka mavidiyoko.

Pa tsamba lomwelo mudzaona Auto-delete, yomwe imafufuta yokha mbiri yakale yopitirira miyezi 3, 18 kapena 36, malinga ndi zomwe zinasankhidwa. Maakaunti atsopano kuyambira mu 2020 amabwera itaikidwa kale pa miyezi 36. Imeneyi siingakhale chifukwa chosowetsa vidiyo ya lero, popeza nthawi yochepetsetsa ndi miyezi itatu, koma ndiyo imafotokoza chifukwa chake vidiyo ya zaka zapitazo siikupezekanso.

Mukamaliza, yesani. Tsegulani vidiyo iliyonse mu pulogalamu ya YouTube momwemo, tsitsani Quality kufika pa 144p kapena 240p kuti musawononge bandulo, muisiye isewere kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako bwererani ku History n'kukokera sikirini pansi kuti mndandanda ubwere watsopano. Vidiyoyo ikaoneka pamwamba, vuto latha.

Chitsanzo cha makaniko wa mainjini a maboti

Tiyerekeze bambo wina wokonza mainjini a maboti ku Makawa. Lachiwiri madzulo anaonera vidiyo yaitali yosonyeza kamasulidwe ndi katsukidwe ka kabuleta ya injini ya mtundu womwe msodzi wina anamubweretsera, ndipo anaisiya pakati kuti adzaimalize mawa lake ali pa ntchito. Lachitatu m'mawa atatsegula History, vidiyoyo panalibe.

Atayang'ana mndandanda wonse, anapeza kuti vidiyo ya pamwamba inali ya mpira womwe anaonera Loweruka, ndipo zonse za Lamlungu, Lolemba ndi Lachiwiri kunalibe. Zimenezi zinasonyeza kuti vuto silinali la vidiyo imodzi. Pa Switch account panali imelo imodzi yokha, ndipo chithunzi chake chinali pamalo pake, kotero nkhani ya akaunti ina inachoka. Incognito inali yokayikitsanso, chifukwa ikanazima yokha usiku uliwonse, ndipo sizikanatheka kuti masiku atatu onse asowe iye osaiyatsanso. Chotsala chinali kuimitsa. Pa tsamba la YouTube History batani lalikulu linali loyatsa, koma kabokosi ka Include the YouTube videos you watch kanali kosachonga. Atafunsa kunyumba, zinadziwika kuti mwana wake, yemwe amagwiritsa ntchito imelo yomweyo pa foni ina, anadina Pause watch history Loweruka usiku kuti makatuni a ang'ono ake asadzaze tsamba la bambo ake. Cholinga chinali chabwino, koma sanadziwe kuti waimitsa mbiri pa mafoni onse awiri.

Kuchonga kabokosiko kunakonza za m'tsogolo, koma vidiyo ya kabuleta ija sinabwerere pa mndandanda. Chomwe chinamuthandiza n'chakuti kabokosi ka zofufuza kanali kochongabe. Pa Manage all history, pansi pa tsiku la Lachiwiri, panali mzere woyamba ndi mawu akuti Searched for, wotsatidwa ndi mawu enieni omwe analemba pofufuza. Atadina mzerewo, zotsatira za kufufuzako zinabwereranso, ndipo anaizindikira vidiyoyo ndi chithunzi chake ngakhale inalibe kamzere kofiira. Anaisunga pa Watch later nthawi yomweyo. Kwa banja lotere, njira yabwino ndi yakuti mwanayo akhale ndi akaunti yakeyake pa foni yakeyo, kapena azigwiritsa ntchito Incognito akafuna kuonetsa ana makatuni, popeza imeneyo imathera pa foni imodzi.

Ikasowa vidiyo imodzi yokha

Tsopano tibwerere ku mbali ina ija, pomwe mbiri ikusungidwa bwino koma vidiyo ina yake palibe. Dzifunseni kuti munaitsegulira pati. Mavidiyo ambiri amatifika ngati linki pa magulu a WhatsApp kapena pa Facebook. Mukadina pa chithunzi cha vidiyo mu WhatsApp, imatha kusewera mu kabokosi kakang'ono koyandama pamwamba pa macheza, osatsegula pulogalamu ya YouTube. Mukadina linki mu Facebook, kawirikawiri imatseguka mu bulawuza ya mkati mwa Facebook momwemo. M'malo onse awiriwa nthawi zambiri simunalowe mu akaunti yanu ya Google, choncho YouTube siidziwa kuti woonerayo ndinu. Zimakhalanso chimodzimodzi mukaonera pa Opera Mini kapena pa Chrome musanalowe mu akaunti, ndiponso pa masamba ena a nkhani omwe amaika vidiyo ya YouTube mkati mwa tsamba lawo. Kuti vidiyo yotere ilembedwe, dinani chizindikiro cha YouTube kapena mutu wa vidiyoyo kuti itseguke mu pulogalamu yeniyeni. Kuti mupeze yomwe yasowa kale, bwererani pa gulu lomwe inachokera, dinani dzina la gululo, mutsegule Media, links, and docs, muyang'ane pa Links.

Vidiyo yomwe munaikopera pa memole khadi kwa oika nyimbo ndi makanema pa msika, kapena yomwe mnzanu anakutumizirani kuchokera m'foni yake, ndi fayilo chabe ya m'foni yanu ngakhale inachokera ku YouTube poyamba. Imeneyo siingalowe mu History mwa njira iliyonse. Mapulogalamu ena otsitsira mavidiyo, omwe si a YouTube koma amaoneka mofanana nayo, nawonso nthawi zambiri satumiza kanthu ku akaunti yanu.

Nkhani ya netiweki ili ndi mbali yake. Ngati munatsitsa vidiyo ndi batani la Download la mu YouTube momwemo n'kukaionera komwe kulibe intaneti, monga pa nyanja kapena pa malo ena okwera msewu wa ku Namwera pomwe netiweki imadukaduka, foni imayamba yasunga uthengawo mpaka itadzalumikizidwanso. Mukafika pa boma n'kuyatsa data, tsegulani YouTube ndipo muipatse nthawi, chifukwa kugwirizana kwa foni ndi akaunti kumatha kutenga maola angapo. Pa nthawi yodikirayi musafufute data ya pulogalamuyo pa Clear storage, chifukwa mudzataya mavidiyo onse omwe munatsitsa pamodzi ndi uthenga womwe sunatumizidwe.

Ndipo ngati mwini vidiyo waichotsa kapena waiika pa Private mutangoionera, simungathenso kuitsegula, ndipo ikhoza kusaonekanso pa mndandanda ndi mutu wake.

Zonse zikaoneka zolondola koma mbiri osayenda

Pali vuto lina lobisika lomwe limachitika pa mafoni omwe wina anawaikira zotchinga malonda. Vidiyo ikamasewera, pulogalamu imatumiza timauthenga ting'onoting'ono ku adiresi ina ya YouTube, yosiyana ndi komwe kumachokera zithunzi ndi mawu:

```
s.youtube.com
```

Zotchinga malonda zina zimatseka adiresi imeneyi poiyesa ya otsatira anthu pa intaneti. Zikatero vidiyo imasewera popanda vuto, akaunti ndi yolondola, mbiri ndi yoyatsa, koma uthenga wonena kuti mwaonera sufika. Mungazindikire vutoli poyesa pa chipangizo china: mukaonera vidiyo pa foni ina yokhala ndi akaunti yomweyo n'kuoneka pa History, pomwe ya pa foni yanu siikuoneka, ndiye kuti chotchingacho chili m'foni yanu kapena pa Wi-Fi yomwe mukugwiritsa ntchito. Pa mafoni a Android kuyambira Android 9 kupita m'tsogolo, tsegulani Settings ya foni, lembani Private DNS pa malo ofufuzira, ndipo ngati pali adiresi yomwe inalembedwamo, sinthani kukhala Automatic n'kuyesanso. Zimitsaninso VPN ngati ilipo, ndipo pa kompyuta zimitsani kaye chotchinga malonda cha mu bulawuza pa tsamba la YouTube. Ngati vuto likuchitika pa Wi-Fi ya ku ofesi kapena ya pa malo ogona alendo yokha, koma pa data ya Airtel kapena TNM mbiri ikuyenda, ndiye kuti chotchingacho anachiika ndi woyang'anira Wi-Fi imeneyo, ndipo inu mulibe choti mukonze pa foni yanu.

Pokhapokha mutayesa zonsezi ndi pomwe kuli koyenera kukhudza pulogalamu yeniyeniyo. Itsekeni kotheratu ndi Force stop, dinani Clear cache, yomwe siichotsa mavidiyo otsitsa, kenako muone pa Play Store ngati pali Update. Mukatero bwerezani kuyesa kuja kwa vidiyo ya mphindi imodzi pa 144p, ndipo muyang'ane zotsatira zake pa malo awiri: pa History ya mu pulogalamu ndi pa Manage all history. Ikaoneka pa Manage all history, pomwe pamalembedwa mawu akuti Watched pamodzi ndi nthawi yomwe munaonera, ndiye kuti akaunti yalandira uthengawo, ndipo mndandanda wa mu pulogalamu ukungochedwa kuonetsa.